Kalata ya samu imene inalakwika pamzere umodzi

Kope lija linandipeza Loweruka madzulo, atalikulunga m'jumbo. Analibweretsa ndi mlongo wake wa mtsikana wina wa Fomu 2 amene ndimamuphunzitsa masamu pa patitayimu. Mwini wakeyo anali atapita kumudzi kukadwazika agogo ake, ndipo zinaoneka kuti papita milungu itatu tisanaonane. Patsamba lomaliza panali samu imodzi imene aphunzitsi ake a kusukulu anaithetha ndi cholembera chofiira, ndipo pansi pake panali mawu a pensulo akuti: "Aphunzitsi, ansala yangayi ndinaiyesa ndipo inagwirizana. Nanga andithetha bwanji?"

Funso limeneli linandigwira mtima. Ana ambiri akathethedwa amangokopera ansala yolondola pabolodi n'kutembenuza tsamba. Uyu anali atachita zimene timawauza tsiku ndi tsiku, zoti munthu aziyesa ansala yake asanapereke kope, koma anagwabe. Ndinaona kuti kungomulembera ansala yoona kukanamusiya ndi maganizo akuti kuyesa ansala n'kutaya nthawi. Choncho ndinakhala pansi n'kumulembera kalata yaitali, ndipo ndikuiika pano chifukwa vuto lake ndi la ana ochuluka, ndiponso chifukwa kholo lililonse lodziwa kuwerengera chenji pamsika lingathe kuitsatira.

Kwa amene munasiyana ndi masamu kalekale, nkhani yake ndi iyi. Mwana amapatsidwa manambala awiri obisika, amene timawatcha x ndi y, pamodzi ndi ziganizo ziwiri zonena za manambalawo. Chiganizo chilichonse chimatchedwa ikwezheni, kutanthauza kuti zimene zili kumanzere kwa chizindikiro cha = n'zofanana ndi zimene zili kumanja. Ntchito ya mwana ndi kupeza x ndi y amene akugwirizana ndi ziganizo zonse ziwiri nthawi imodzi. Njira imodzi yochitira zimenezi ana amaitchula kuti sabusitichushoni, ndipo m'Chichewa tingoti kulowetsa m'malo: umatenga ikwezheni imodzi n'kuikonza kuti ikuuze kuti y ndi chiyani, kenako m'ikwezheni inayo umachotsa y n'kuikapo chimene wapezacho. Ukatero watsala ndi chilembo chimodzi chokha, ndipo samu ya chilembo chimodzi ndi yosavuta kuimasula.

Samu ya mtsikanayu inali iyi:

x + y = 7

3x − 2y = 6

Iye anapeza kuti x ndi 20 ndipo y ndi −13. Ansala yoona ndi x = 4, y = 3. Nayi kalata imene ndinamutumizira.

Mwana wanga,

Kope lako ndalandira, ndipo ndamva za agogo. Uwapatse moni wanga. Funso lako ndi labwino kwambiri, ndipo ndiliyankha m'magawo awiri, chifukwa zimene zinachitika m'kope lako ndi ziwiri zosiyana. Pali pamene samu inakhotera, ndiye pali chifukwa chimene kuyesa kwako sikunakuuze kuti yakhota.

Uyambe wadziwa kuti zambiri unazichita bwino. Unatenga ikwezheni yoyamba n'kupeza y = 7 − x. Zoona. Unakalowetsa m'ikwezheni yachiwiri, osati yoyamba yomweyo, ndipo sunaiwale mabulaketi. Unalemba kuti:

3x − 2(7 − x) = 6

Mzere umenewu ulibe cholakwika. Vuto lili pamzere wotsatira, pamene unatsegula mabulaketi n'kulemba kuti:

3x − 14 − 2x = 6

Unayenera kulemba 3x − 14 + 2x = 6. Kachizindikiro kamodzi kokha ndi kamene kanasintha. Kuchokera pamenepo unawerengera molondola mpaka pansi: 3x kuchotsapo 2x kutsala x, 6 kuphatikiza 14 ndi 20, ndipo 7 kuchotsapo 20 ndi −13. Mizere yonseyo ndi yoona, koma inamangidwa pamzere wokhota.

Ndikudziwa kuti lamulo lakuti mayinasi kutaimusa ndi mayinasi zimapereka pulasi umalidziwa, chifukwa unandiuzapo wekha. Chimene chinachitika n'chakuti diso lako linaona 2 yekha kunja kwa bulaketi, pamene mayinasi amene ali kumanzere kwake ndi wake womwewo. Chimene chikutaimusa bulaketi yonse ndi −2. Pa nambala yoyamba unamutenga mayinasiyo, n'chifukwa chake unapeza −14. Pofika pa yachiwiri unamusiya, n'kutaimusa 2 ndi −x, ndipo unapeza −2x.

Koma sindikufuna kuti ungoloweza lamulo, chifukwa lamulo loloweza limathawa m'chipinda cha mayeso. Tiye kumsika. Uli ndi K2,000 ndipo ukufuna milu iwiri ya tomato. Mulu umodzi ndi K700, koma wanenerera ndipo mayi wogulitsayo akuchotsera K100 pa mulu uliwonse. Ndalama imene utsale nayo tingailembe chonchi:

2000 − 2(700 − 100)

Mulu umodzi tsopano ndi K600, iwiri ndi K1,200, ndiye ubwerera kunyumba ndi K800. Zimenezi ungaziwerengere pamtima. Tsono tiyerekeze kuti unayamba wapereka mtengo wonse, K1,400, n'kutsala ndi K600. Mayi aja akukumbukira kuti anakuchotsera, ndipo akukubwezera K100 kawiri. Kodi K200 imeneyo ikutuluka m'thumba mwako kapena ikulowa? Ikulowa. N'chifukwa chake timalemba 2000 − 1400 + 200, ndipo tikupeza K800 yomwe ija. Tikanatsata njira ya m'kope lako tikanalemba 2000 − 1400 − 200, n'kupeza K400, ngati kuti kukuchotsera mtengo kwakuonjezera ngongole. Kuchepetsa chinthu chimene ukuchotsa kumakusiyira zambiri. Mayinasi awiri aja akunena zimenezo basi.

Tsopano tibwerere ku samu yathu. Mzere wokonzedwa ukuyenda motere:

3x − 14 + 2x = 6

5x − 14 = 6

5x = 20

x = 4

Ndipo y = 7 − 4, amene ndi 3.

Ndikufuna uone kumene 5 ameneyu akuchokera, chifukwa sanangotulukira. Tiipatse nkhani samuyi. Tinene kuti kusukulu kuli mpikisano wa mafunso 7. Ukakhoza funso akupatsa malikisi 3, ukalakwa akulanda malikisi 2, ndipo pomaliza wapeza malikisi 6. Mafunso okhoza ndi x, olakwa ndi y. Onse pamodzi ndi 7, imeneyo ndiyo ikwezheni yoyamba. Malikisi opata kuchotsapo olandidwa ndi 6, imeneyo ndiyo yachiwiri. Munthu amene walakwa mafunso onse 7 ali ndi ngongole ya malikisi 14, ndiye −14 uja. Funso limodzi likachoka kwa olakwa n'kupita kwa okhoza, munthuyo amapindula kawiri: walandira 3, komanso wapulumutsa 2 amene akanalandidwa. Funso lililonse lokhoza limamukweza ndi 5. Kuti achoke pa −14 kukafika pa 6 ayenera kukwera ndi 20, ndipo 20 kugawa ndi 5 ndi mafunso 4. Mzere wako unkanena kuti funso lokhoza limakweza munthu ndi 1 yekha, n'chifukwa chake panafunika mafunso 20. Mpikisano wa mafunso 7 sungakhale ndi okhoza 20.

Ndikuchenjezepo apa: usamaganize kuti ansala ya mayinasi ndi yolakwika nthawi zonse. Samu imene anakupatsa inalibe nkhani, ndipo masamu ambiri otere ansala yake yoona imakhala ya mayinasi. Nkhani ya mpikisanoyi ndaipeka ine kuti uone 5 uja. Chimene chimagamula ndi kuyesa, ndipo apa ndiye pagona funso lako.

Unalemba m'mphepete mwa tsamba kuti 20 + (−13) = 7, n'kuchonga. Ndi zoona, 20 kuchotsapo 13 ndi 7. Koma takumbukira kumene −13 anachokera. Unamupeza pochotsa 20 mu 7, ndiye kuti unamupanga ndi ikwezheni yoyamba yomweyo. Ukamubwezera komweko sangakane. Ukanapeza kuti x ndi 100, y akanakhala −93, ndipo pamodzi akanapanga 7. Ukanapeza kuti x ndi 1, y akanakhala 6, ndipo akanapanganso 7. Nambala iliyonse imene ungaike pa x, yoona kapena yabodza, idzadutsa pa mayeso amenewo. Zili ngati mlandu umene mboni yake ndi mwini mlandu yemweyo.

Mboni yeniyeni ndi ikwezheni yachiwiri, ndipo uitenge monga mmene inalembedwera m'funso, osati mmene unaisinthira iwe. Tiyese ansala yako:

3(20) − 2(−13) = 60 + 26 = 86

Ikwezheni ikufuna 6, ife tapeza 86. Ukanaona zimenezi ukanadziwa wekha kuti pena pake pakhota, aphunzitsi asanagwire n'komwe kope lako. Tiyesenso ansala yatsopano: 3(4) − 2(3) ndi 12 − 6, ndipo ndi 6. Yagwirizana. Komanso 4 + 3 ndi 7. Ansala ya samu ya maikwezheni awiri iyenera kuvomerezedwa ndi onse awiri, koma imene ili ndi mphamvu yokugwira ukalakwa ndi ija sunaigwiritse ntchito popeza chilembo chachiwiri.

Mwina ufunsa kuti: ndikayesa n'kupeza kuti sizikugwirizana, ndidziwa bwanji mzere umene walakwika? Usafufute tsamba lonse. Sankha nambala iliyonse yaing'ono, tinene 5, uiike pa x m'mizere iwiri yotsatizana, mbali ya kumanzere yokha. Kutsegula mabulaketi sikuyenera kusintha mtengo wa chinthu, choncho mizere iwiriyo iyenera kupereka nambala imodzi. Mzere wa mabulaketi ukupereka 15 − 2(2), amene ndi 11. Mzere wako ukupereka 15 − 14 − 10, amene ndi −9. Zasiyana, ndiye wakuba ali pakati pa mizere iwiri imeneyi. Mzere wokonzedwa ukupereka 15 − 14 + 10, amene ndi 11. Usasankhe ziro poyesa motere, chifukwa ziro amapha chigawo chilichonse chimene chili ndi x, ndipo mzere woona ndi wabodza onse apereka −14.

Chomaliza. Panali njira ina yodutsa pamene palibe minga. M'malo mopeza y, ukanapeza x = 7 − y kuchokera m'ikwezheni yoyamba, n'kulowetsa pamene pali 3x:

3(7 − y) − 2y = 6

21 − 3y − 2y = 6

21 − 5y = 6

Ndiye 5y ndi 15, y ndi 3, ndipo x ndi 4. Kunja kwa bulaketi kuli 3 wopanda mayinasi, choncho mayinasi awiri sakumana. Usanayambe samu, yang'ana kaye chilembo chimene ukachilowetsa chikagwere pa nambala yopanda mayinasi. Si nthawi zonse pamene mwayiwu umapezeka, n'chifukwa chake njira yoyamba ija uyenera kuidziwabe.

Ndakulembera samu ina kuseri kwa pepalali: x + y = 9 ndi 4x − 3y = 8. Uichite kawiri, koyamba popeza y, kachiwiri popeza x, ndipo undionetse kuyesa kwako m'maikwezheni onse awiri. Ansala sindikuuza, chifukwa tsopano uli ndi njira yodziwira wekha.

Ndine mphunzitsi wako.

Kalatayo inathera pamenepo. Pali zina zimene sindinaikemo, chifukwa mwana amene walakwa chinthu chimodzi suyenera kumuunjikira zolakwa zisanu zimene sanachite. Koma kwa makolo ndi aphunzitsi anzanga ndizitchula, chifukwa makope ena amabwera ndi matenda a mtundu womwewu ovala nkhope ina.

Lofala kwambiri ndi kusaika mabulaketi n'komwe. Mwana amapeza y = 7 − x bwinobwino, kenako amalemba 3x − 2 × 7 − x = 6. Apa 2 wataimusa 7 yekha, x wamusiya. Zotsatira zake ndi 2x − 14 = 6, ndipo x akutuluka 10, y akutuluka −3. Ansala imeneyi ndi yoopsa chifukwa ndi yooneka bwino. Ilibe zidutswa, ndi manambala athunthu, ndipo 10 ndi −3 akupanganso 7. Mwana amatseka kope ali wokhutira. Koma m'ikwezheni yachiwiri ikupereka 30 + 6, amene ndi 36. Ku msika kuja, uyu ndi munthu amene waganiza kuti K100 imachoka kamodzi kokha ngakhale wagula milu iwiri, n'kuichotsanso kumbali yolakwika. Mankhwala amene ndimapereka ndi a dzanja, osati a mutu: mwana ayambe walemba ikwezheni yachiwiri ndi mabulaketi opanda kanthu pamene panali y, motere 3x − 2(   ) = 6, kenako ndiye alembe 7 − x m'katimo. Mabulaketi akayamba kufika papepala, saiwalika.

Mabulaketi amene ana amawaona ngati zokongoletsa ali ndi ntchito imodzi yokha, yonena kuti zimene zili m'katimu ndi mtolo umodzi. Chilembo y chinali nambala imodzi, ndipo 7 − x ikalowa m'malo mwake iyenera kukhalabe nambala imodzi mpaka titaimasula mwadongosolo. Akatswiri akale a masamu nawonso anavutika kupeza njira yolembera zimenezi. Al-Khwarizmi, amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800 ndipo mawu akuti alijebula anachokera pa mutu wa buku lake, ankalemba masamu ake m'mawu okhaokha, popanda zizindikiro. Chizindikiro cha = anachiyambitsa ndi Robert Recorde mu 1557, ndipo chizolowezi chogwiritsa ntchito x, y ndi z pa manambala obisika chinafala kuchokera m'buku la René Descartes la mu 1637. Kwa nthawi yaitali olemba ambiri ankamanga mtolo pojambula kamzere pamwamba pa manambala m'malo mwa mabulaketi, ndipo kamzere kameneko tikadali nako padenga la chizindikiro cha sikweya ruti. Zimene anthu ophunzira anatenga zaka mazana kuti agwirizane, ife timafuna kuti mwana azizolowere m'teremu imodzi. Ndikaganiza zimenezi, mtima wokalipa umandichoka.

Vuto lina ndi lobwerera pakhomo pomwe wachokera. Mwana amatenga y = 7 − x m'ikwezheni yoyamba n'kukalowetsa m'ikwezheni yoyamba yomweyo. Amapeza x + 7 − x = 7, zilembo zonse zimatha, n'kutsala 7 = 7. Ena amadabwa n'kusiya samuyo, ena amalemba kuti x ndi ziro. Palibe cholakwika m'kuwerengera kwake, kungoti ikwezheni yachiwiri sinafunsidwe kalikonse. Muzu wake ndi womwe uja wa kuyesa kwa mtsikana wathu: ikwezheni imodzi singadzitsimikizire yokha. Ndiyenera kuonjezera kuti ngati mwana walowetsa m'ikwezheni yoyenera koma n'kupezabe zotere, ndiye kuti maikwezheni awiriwo akunena chinthu chimodzi, monga x + y = 7 ndi 2x + 2y = 14, ndipo samu yotero ilibe ansala imodzi yokha. Akapeza chinthu chosatheka, monga 14 = 10, ndiye kuti maikwezheniwo akutsutsana ndipo palibe manambala amene angakwanitse onse awiri.

Kakyuleta nayo sipulumutsa mwana amene sanamvetse za mtolo. Pa makakyuleta a sayansi amene ana a sekondale amagwiritsa ntchito, munthu akalemba

```
-3²
```

makinawo amapereka −9, chifukwa amayamba ataimusa 3 ndi 3 kenako n'kuika mayinasi. Akalemba

```
(-3)²
```

amapereka 9. Makinawo sanalakwe, ayankha funso limene afunsidwa. Mwana amene akufuna kulowetsa −3 m'malo mwa x mu x² ayenera kulemba njira yachiwiriyo. Ndaonapo ana akutsutsa ansala yoona chifukwa choti kakyuleta yanena zina, ndipo pamafunika kuwaonetsa mabatani onse awiri pamaso pawo kuti akhulupirire.

Chimene chimandichititsa kuumirira pa nkhaniyi mwana akadali ku Fomu 2 n'chakuti imakula naye. Akamayandikira mayeso a MSCE amakumana ndi masamu onga y = x − 3 pamodzi ndi x² + y² = 29. Njira yake ndi yomweyi ya kulowetsa m'malo, ndipo pamafunika (x − 3)², amene ndi x² − 6x + 9. Mwana amene sanazolowere kuona x − 3 ngati mtolo amalemba x² − 9 kapena x² + 9, ndipo −6x amasowa. Samu yonse imagwa pamzere wachiwiri, monga inagwera ya mtsikana uja. Amene watsegula bwino amafika pa x² − 3x − 10 = 0 n'kupeza ma ansala awiri, x = 5 ndi y = 2, komanso x = −2 ndi y = −5. Onse awiri akawayesa akupereka 29.

Ndili ndi dandaulo kwa ife aphunzitsi, ndipo ndikudziwerengera momwemo. Kalasi ikakhala ya ana ochuluka, munthu amachonga poyang'ana mzere womaliza wokha. Ndikumvetsa kutopa kwake, chifukwa mulu wa makope ndinaunyamulapo. Koma mtanda umodzi waukulu pa samu yonse umauza mwana kuti zonse zimene walemba ndi zinyalala, pamene mtsikana uyu mwa mizere yake yonse anaphonya umodzi. Kuzunguliza kachizindikiro kolakwikako ndi cholembera kumatenga nthawi yofanana ndi kuthetha, koma kumamuonetsa mwana pokonza. Ndiponso tikamauza ana kuti yesani ansala, tiziwauza kuti ayese kuti. Ineyo ndinali nditamuuza mtsikanayu kambirimbiri kuti aziyesa, koma sindinamuuzepo kuti ikwezheni imene watengamo y singamugwire. Mpata umenewo unali wanga, ndipo kalata ija inali yotseka mpatawo.

Ena angafunse chifukwa chake ndinalemba kalata m'malo moimba foni. Samu ya mtundu uwu imafuna maso. Mwana ayenera kuika mzere wake ndi mzere wokonzedwa pafupi, chala chili pa chizindikiro, n'kubwereza katatu ngati kukufunika, popanda wina womudikira kuti ayankhe msanga. Pepala limadikira. Komanso ndinalemba m'Chichewa mwadala, ngakhale kuti kusukulu masamu amaphunzira m'Chingerezi, chifukwa nkhani ya tomato ndi chenji mwana amaiganiza m'chilankhulo chimene amagulira tomatoyo. Zilembo ndi manambala sizisintha, ndipo pa mayeso adzalemba zomwezo.

Kope linabweranso patatha masiku khumi. Samu ya kuseri kwa pepala ija anaichita kawiri monga ndinamuuzira, ndipo njira zonse ziwiri zinamupatsa x = 5 ndi y = 4. Pa njira yoyamba panali pofufuta: anali atayamba kulemba −3x, n'kupeza 35, koma atayesa m'ikwezheni yachiwiri anabwerera n'kukonza kukhala +3x. Dzanja linali lisanazolowere, koma anadzigwira yekha.

Inu makolo amene mumati masamu a sekondale anakupitirirani, pa samu iyi muli ndi chochita. Mwana akakuonetsani ansala ya x ndi y, muuzeni aike manambalawo m'maikwezheni onse awiri a m'funso, inu mukuona, ndipo ayambe ndi ija sanatengemo chilembo chachiwiri. Kuwerengera kumene kutsalepo ndi kutaimusa ndi kuchotsera, ndipo kumeneko mungathe kumutsatira mpaka pamapeto.